Malemba a papaketi ya mankhwala

Malemba a papaketi ya mankhwala ndi mawu, manambala ndi zizindikiro zimene zimalembedwa pa kabokosi, pa botolo, pa kapepala konyezimira kamene mapiritsi amakhalamo, kapena pa kathumba kapulasitiki kamene odwala amalandiriramo mankhwala kuchipatala. Malembawa amanena dzina la mankhwala, mphamvu yake, nthawi imene adzathe ntchito ndiponso mmene ayenera kusungidwira. Masiku ano anthu ambiri amawerenga malembawa pa chithunzi cha pafoni, chifukwa wodwala kapena womusamalira amajambula paketi n'kutumizira m'bale wake amene ali kutali kuti amufotokozere zimene zalembedwapo.

Chithunzi chotere chimathandiza, koma chili ndi malire. Chimanena za mankhwala amene ali m'paketi, osati za munthu amene akufuna kumwa. Sichisonyeza msinkhu wa wodwala, kulemera kwake, matenda ena amene ali nawo kapena mankhwala ena amene akumwa, ndipo zimenezi ndi zimene dokotala ndi katswiri wa ku famase amayendera posankha mlingo. Nkhaniyi ikufotokoza mmene amawerengera mlingo, tsiku lotha ntchito ndi kasungidwe, komanso pamene wowerenga ayenera kulekezera n'kukafunsa amene anapereka mankhwalawo.

## Malemba a mitundu iwiri

Paketi yochokera kuchipatala kapena ku famase nthawi zambiri imakhala ndi malemba a mitundu iwiri, ndipo chinthu choyamba ndi kuwasiyanitsa.

Oyamba ndi malemba a kampani imene inapanga mankhwalawo. Amadindidwa kufakitale ndipo ndi ofanana pa mapaketi onse a mtundu umenewo. Ku Malawi ndi ku Zambia ambiri amakhala a m'Chingelezi, pamene ku Mozambique amapezeka kawirikawiri m'Chipwitikizi. Kampaniyo sidziwa amene adzamwe mankhwalawo, choncho zimene imalemba ndi za aliyense.

Achiwiri ndi malemba a wopereka mankhwala. Amalembedwa ndi bolopeni pa kathumba kapena pa kabokosi, kapena amasindikizidwa pa kapepala komata. Awa ndi a munthu mmodzi yekha: amanena kuchuluka kwa mankhwala amene iyeyo azimwa, kangati pa tsiku ndiponso kwa masiku angati. Timathumba tina timakhala ndi zithunzi za dzuwa likutuluka, lili paliwombo, likulowa, komanso za mwezi, ndipo wopereka mankhwala amalemba nambala ya mapiritsi pansi pa chithunzi chilichonse kuti ngakhale amene sadziwa kuwerenga atsatire.

Malemba awiriwa akasiyana pa nkhani ya mlingo, wodwala sayenera kusankha yekha amene atsatire. Nthawi zina dokotala amasintha dala mlingo chifukwa cha thanzi la wodwalayo, koma nthawi zina pamakhala palakwika polemba. Amene angasiyanitse ziwirizi ndi wopereka mankhwala.

## Dzina la mankhwala

Mankhwala ambiri ali ndi mayina awiri. Dzina lamalonda limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndipo limasiyana malinga ndi kampani. Dzina lenileni la mankhwala amene ali m'katimo limakhala m'munsi mwake ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo silisintha malinga ndi kampani. Mwachitsanzo, mapiritsi amene anthu amangowatchula kuti panado dzina lake lenileni ndi parasetamo, limene papaketi limalembedwa kuti `Paracetamol`.

Dzina laling'onoli ndi limene liyenera kufufuzidwa pachithunzi. Mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu amakhala ndi parasetamo wosakaniza ndi zinthu zina, ngakhale dzina lamalonda silisonyeza zimenezo. Munthu amene akumwa panado komanso mankhwala a chimfine otere amakhala akumwa parasetamo kawiri mosadziwa. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 a parasetamo m'maola 24, omwe ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, ndipo kupyola pamenepo kumatha kuwononga chiwindi. Kwa anthu ochepa thupi kwambiri, odwala chiwindi ndi omwa mowa kwambiri, malirewo amatsika.

## Mphamvu ndi mlingo

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kutenga nambala yaikulu ya papaketi ngati mlingo. Nambala imeneyo ndi mphamvu, kutanthauza kuchuluka kwa mankhwala amene ali m'piritsi limodzi kapena m'muyeso wina wa madzi. Mlingo ndi kuchuluka kwa mankhwala amene munthu wina wake ayenera kumwa pa nthawi imodzi. Mphamvu imadindidwa kufakitale, koma mlingo amasankha ndi dokotala.

Pa mapiritsi, `500 mg` amatanthauza kuti piritsi lililonse lili ndi mamiligalamu 500 a mankhwala. Mamiligalamu 1000 amapanga galamu imodzi, kotero amene wauzidwa kumwa galamu imodzi amamwa mapiritsi awiri otere. Pa mankhwala amadzi mphamvu imalembedwa ndi manambala awiri, monga `120 mg/5 mL`, kutanthauza kuti m'mamililita 5 alionse muli mamiligalamu 120. Parasetamo wamadzi wa ana amapezeka wa `120 mg/5 mL` ndi wa `250 mg/5 mL`. Mabotolo ake akhoza kufanana maonekedwe, koma muyeso womwewo wa botolo lachiwiri uli ndi mankhwala opitirira kuwirikiza kawiri a botolo loyamba.

Mankhwala a malungo otchedwa LA, amene dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito ngati mankhwala oyamba a malungo m'chaka cha 2007, amasonyeza bwino kusiyana kwa mphamvu ndi mlingo. Piritsi la `20/120` ndi lofanana kwa mwana ndi kwa wamkulu, koma chiwerengero cha mapiritsi chimatengera sikelo. Wolemera makilogalamu 5 koma osafika 15 amamwa limodzi pa nthawi, wa 15 koma osafika 25 amamwa awiri, wa 25 koma osafika 35 amamwa atatu, ndipo wa 35 kupita m'mwamba amamwa anayi. Onsewa amamwa maulendo 6 m'masiku atatu. M'mafamase mumapezekanso mapiritsi a mankhwala omwewa a `80/480`, amene limodzi likufanana ndi anayi a `20/120`. Munthu amene anazolowera kumwa anayi akapanda kuyang'ana manambalawa akhoza kumwa mlingo wowirikiza kanayi.

### Kangati pa tsiku

Opereka mankhwala ambiri amalemba manambala awiri, monga `2 x 3`. Mwachizolowezi nambala yoyamba ndi ya mapiritsi ndipo yachiwiri ndi ya maulendo pa tsiku, kotero `2 x 3` ndi mapiritsi awiri katatu pa tsiku. Popeza kalembedwe aka n'kosavuta kukatembenuza, wodwala ayenera kubwereza ndi pakamwa zimene wamva asanachoke pawindo lolandirira mankhwala. M'buku la kuchipatala mumapezekanso zilembo zofupikitsa: `od` ndi kamodzi pa tsiku, `bd` ndi kawiri, `tds` ndi katatu, ndipo `qds` kapena `qid` ndi kanayi.

Tsiku la mankhwala ndi la maola 24, osati kuyambira m'mawa mpaka madzulo okha. Kawiri pa tsiku ndi pafupifupi maola 12 alionse, ndipo katatu pa tsiku ndi pafupifupi maola 8 alionse, monga 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Kutalikitsa nthawi mofanana chonchi kumathandiza kuti mankhwala asachepe kwambiri m'magazi, zimene n'zofunika makamaka pa mankhwala opha tizilombo ta mabakiteriya. Wodwala akaiwala kumwa, sayenera kuwirikiza mlingo wotsatira pofuna kubweza wophonyawo, pokhapokha atauzidwa kutero ndi achipatala.

### Choyezera

Mankhwala amadzi amayezedwa ndi kakapu, kasupuni kapena sirinji yopanda singano imene imabwera ndi botolo. Masupuni a tiyi a pakhomo amasiyana kukula, choncho sali odalirika poyeza mamililita 5. Kwa makanda, amene mlingo wawo ungakhale mamililita 2.5, sirinji ndi imene imayeza bwino koposa.

## Chitsanzo: botolo la amokisilini wa ana

Tiyerekeze kuti mayi wina watumizira mchemwali wake chithunzi cha botolo la mankhwala a mwana, ndipo pa botolopo pakuoneka mawu awa:

```
Amoxicillin Oral Suspension
125 mg/5 mL      100 mL
MFG 09/2024      EXP 08/2026
Store below 30°C
Use within 7 days of reconstitution
```

M'buku la kuchipatala la mwanayo dokotala walemba kuti azimwa mamiligalamu 250 katatu pa tsiku kwa masiku 5. Mlingo umenewu wangoikidwa pofuna kusonyeza masamu ake. Mlingo weniweni wa mwana umachokera pa kulemera kwake ndi matenda ake.

Choyamba ndi kusintha mamiligalamu kukhala mamililita. M'mamililita 5 muli mamiligalamu 125, ndipo 250 ndi 125 kawiri, kotero mwanayo amwe mamililita 10 pa nthawi imodzi. Katatu pa tsiku ndi mamililita 30, ndipo masiku 5 akufuna mamililita 150. Botolo la pachithunzili lili ndi mamililita 100 okha, amene akukwana maulendo 10, kutanthauza masiku atatu ndi ulendo umodzi. Apa masamu aulula chinthu chofunika: mwanayo akufunika botolo lachiwiri. Ngati mayiyo anapatsidwa limodzi lokha, ayenera kubwerera kumene analandira mankhwala, osati kuchepetsa muyeso kuti botolo lifike tsiku lachisanu.

Botolo likanakhala la `250 mg/5 mL`, muyeso ukanakhala mamililita 5 okha, masiku 5 akanatenga mamililita 75, ndipo mamililita 25 akanatsala. Mlingo wa dokotala ndi womwewo pa mabotolo onse awiri, koma muyeso wasintha chifukwa mphamvu yasintha. N'chifukwa chake mawu akuti "mumupatse supuni imodzi ngati ulendo watha" ndi oopsa. Ngati pa kapepala komata palembedwa `5 mL` pamene buku likunena mamiligalamu 250 ndipo botolo ndi la `125 mg/5 mL`, ndiye kuti zitatuzi sizikugwirizana. Wowerenga chithunzi angathe kuona kuti pali vuto, koma sangadziwe kuti cholakwika chili m'buku, pa kapepala kapena pa botolo limene laperekedwa.

Chachiwiri ndi madzi. Amokisilini wa ana amabwera ngati ufa wouma, ndipo mphamvu yolembedwayo imakhala yoona pokhapokha madzi atathiridwa kufika pa mzere umene uli pa botolo. Nthawi zambiri amasungunula ndi wopereka mankhwala. Akasungunulira kunyumba, amagwiritsa ntchito madzi owiritsa amene azizira: amagwedeza kaye ufawo kuti umasuke, amathira madzi pang'ono, amakhutchumula, kenako amawonjezera mpaka pa mzere. Madzi akapitirira mzere mankhwala amasukuluka, ndipo akapereweranso amakhala amphamvu kuposa zimene zalembedwa. Botolo limakhutchumulidwa nthawi iliyonse asanayeze, chifukwa ufa umadikha pansi.

Chachitatu ndi masiku. Botololi lili ndi malire awiri a nthawi. `EXP 08/2026` ndi ya ufa wouma umene sunatsegulidwe. Mzere wotsirizawo ukunena kuti madzi akangolowa, mankhwala agwiritsidwe ntchito m'masiku 7 okha. Makampani ena amalemba masiku 14, ndipo ambiri amafuna kuti botolo losungunulalo likhale m'furiji. Chotsatira ndi chimene chalembedwa pa botolo limene lili m'manja. Choncho ngati madzi anathiridwa pa 3 Meyi, otsala onse amatayidwa pofika pa 10 Meyi ngakhale tsiku la `EXP` lisanafike. Botolo lachiwiri silithiridwa madzi mpaka loyamba litatsala pang'ono kutha. Chithunzi sichisonyeza tsiku limene madzi anathiridwa, pokhapokha wina atalilemba pa botolo ndi bolopeni.

## Tsiku lotha ntchito

Tsiku lotha ntchito ndi malire a nthawi imene kampani ikutsimikiza kuti mankhwala ali ndi mphamvu yake yonse ndipo ndi abwino kugwiritsa ntchito. Kampani imapeza tsikuli poyesa mankhwala amene asungidwa m'paketi yake yotseka, pa kutentha ndi chinyezi chodziwika. Choncho lonjezo lake lili ndi zinthu ziwiri zofunika kukwaniritsa: paketi ikhale yosatsegula, ndipo isungidwe monga mmene yalembedwera.

Pa mapaketi ambiri pamakhala mizere itatu yoyandikana. `MFG` kapena `MFD` ndi tsiku limene mankhwala anapangidwa. `EXP` ndi tsiku lotha ntchito, ndipo pa mapaketi a m'Chipwitikizi pamalembedwa `VAL`. `Batch` kapena `LOT` ndi nambala ya gulu la mankhwala amene anapangidwira limodzi, imene imagwira ntchito boma kapena kampani ikafuna kuchotsa gulu lina pamsika. Pachithunzi chosaoneka bwino n'zosavuta kuwerenga tsiku lopangidwa ngati lotha ntchito, kapena kutenga manambala a gulu ngati chaka.

Pakalembedwa mwezi ndi chaka chokha, `EXP 08/2026` amatanthauza kuti mankhwala angagwiritsidwe ntchito mpaka pa 31 Ogasiti 2026. Mawu akuti `Use before 08/2026` ndi osiyana pang'ono: akutanthauza kuti mwezi wa Ogasiti usanayambe, kotero tsiku lomaliza ndi 31 Julayi. Pakalembedwa manambala atatu, monga `03/04/2026`, pamakhala chisokonezo china, chifukwa mayiko ambiri amayamba ndi tsiku pamene ku America amayamba ndi mwezi. Manambalawa angakhale 3 Epulo kapena 4 Malichi. Izi zimakhudza kwambiri mankhwala amene abale amatumiza kuchokera kunja, ndipo pokayika amatenga tsiku limene likufika msanga.

Mankhwala otha ntchito sasanduka poizoni tsiku lomwelo. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mphamvu imachepa pang'onopang'ono, ndipo wogwiritsa ntchito sangadziwe kuti yatsala yochuluka bwanji. Pa mankhwala a mabakiteriya, a malungo, a khunyu, a mtima, a shuga ndi otalikitsa moyo, kuchepa kwa mphamvu kungachititse kuti matenda asachire kapena abwerere. Mankhwala amadzi amawonongeka msanga kuposa mapiritsi, ndipo ena tizilombo timatha kumeramo.

### Paketi ikatsegulidwa

Mankhwala ena amayamba kuwerengedwa masiku atsopano akangotsegulidwa, monga mmene zilili ndi amokisilini uja. Mankhwala ambiri odonthezera m'maso amatayidwa pakatha milungu inayi chitsegulireni. Insulini ya odwala shuga imene yayamba kugwiritsidwa ntchito nthawi zambiri imakhala masiku 28, ngakhale mitundu ina imakhala masiku ochulukirapo. Madzi a ORS amene asungunulidwa amatayidwa pakatha maola 24. Pa zonsezi, malire amene afika koyamba, kaya ndi a `EXP` kapena a chitsegulireni, ndi amene amatsatiridwa.

## Kasungidwe

Malangizo a kasungidwe amakhala m'mbali kapena kuseri kwa kabokosi, kumene ojambula ambiri sajambulako. Amanena za zinthu zitatu zimene zimawononga mankhwala: kutentha, chinyezi ndi kuwala.

`Store below 25°C` kapena `Store below 30°C` amatanthauza kuti malo osungira asatenthe kupitirira madigiri 25 kapena 30. Sakutanthauza kuti mankhwalawo aikidwe m'furiji. M'madera monga Nsanje ndi Chikwawa, kutentha kwa panja kumapitirira madigiri 35 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mumatentha kwambiri masana. Malo oyenera ndi ozizira koposa m'nyumbamo, kutali ndi denga, windo ndi moto wophikira. Mankhwala sasiyidwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa. Popeza malo otsika amazizirirapo koma ana amafikako, bokosi lokhoma ndi limene limathetsa mavuto onse awiri.

`Store at 2°C – 8°C` amatanthauza m'furiji, pa shelefu ya pakati. Umu ndi mmene insulini yosatsegula ndi katemera wambiri amasungidwira. Mawu akuti `Do not freeze` amaletsa kuumitsa mankhwala ngati ayezi, choncho saikidwa m'chipinda choumitsira nyama kapena kukhudzitsidwa ku khoma la kumbuyo kwa furiji. Insulini imene inauma imatayidwa ngakhale itasungunuka n'kuoneka bwinobwino. Magetsi akazima, chitseko cha furiji chimasiyidwa chotseka kuti kuzizira kusatuluke, ndipo akazima nthawi yaitali wodwala amafunsa kuchipatala ngati mankhwalawo akadali abwino. Kumene kulibe furiji, ena amaika insulini imene akugwiritsa ntchito m'kachitini kotseka bwino m'kati mwa mtsuko wadothi wonyowa. Njirayi imachepetsa kutentha, koma sifikitsa pa madigiri 2 mpaka 8, kotero silowa m'malo mwa furiji pa mankhwala ofunika kusungidwa nthawi yaitali.

`Protect from moisture` ndi chenjezo la chinyezi, ndipo `Protect from light` ndi la kuwala. Kapepala konyezimira ndi botolo lofiirira si zokongoletsa; ndi zimene zimateteza mankhwala. Piritsi silichotsedwa m'kapepala kake mpaka nthawi yomwera itakwana. M'mabotolo ena, monga a ma ARV, mumakhala kathumba kapena kachitini kakang'ono koyamwa chinyezi. Kameneka sikamwedwa ndipo sikatayidwa mpaka mapiritsi atatha. Kusamutsira mapiritsi m'pepala, m'mpango kapena m'botolo la mankhwala ena kumawachotsera chitetezo, komanso kumawasiyanitsa ndi dzina ndi tsiku lake.

### Zizindikiro za mankhwala owonongeka

Mankhwala akhoza kuwonongeka tsiku la `EXP` lisanafike ngati sanasungidwe bwino. Mapiritsi amasintha mtundu, amakhala ndi timadontho, amafewa kapena amanyenyeka. Makapisozi amamatana. Asipirini wowonongeka amanunkha ngati viniga. Mankhwala amadzi amene anali oyera amachita mbuu kapena amakhala ndi tizibuma timene sitisungunuka powakhutchumula, ndipo ufa wa m'botolo losatsegula umagwirana ngati mwala. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, mankhwalawo sagwiritsidwa ntchito. Komabe kusaoneka kwake si umboni woti ali bwino, chifukwa kutentha kumatha kuchepetsa mphamvu popanda kusintha maonekedwe.

## Zimene chithunzi chimabisa

Kabokosi kali ndi mbali 6, ndipo chithunzi chimodzi chimaonetsa imodzi kapena ziwiri. Dzina limakhala kutsogolo, tsiku lotha ntchito limakhala pa chivundikiro cha kumapeto, ndipo kasungidwe kamakhala kuseri. Pa botolo, malemba amazungulira, kotero nambala ikhoza kudukira m'mphepete, `250` n'kuoneka ngati `25`.

Pa kapepala konyezimira, tsiku kawirikawiri limadindidwa mokanikiza popanda inki, ndipo kuwala kwa kamera ya foni kumalifafaniza. Kuwala komweko, kapena kuchepetsedwa kwa chithunzi potumiza, kumatha kubisa kadontho ka pakati pa manambala, moti `2.5 mL` n'kuwerengeka `25 mL`. Manambala 3, 6 ndi 8 amasokonezekanso mosavuta. Mapiritsi amene agulidwa modula ndi lumo nthawi zambiri amakhala opanda mbali imene inali ndi tsiku.

Chithunzi cha kabokosi sichitsimikiza kuti zimene zili m'kati ndi zomwezo, popeza m'nyumba zambiri timabokosi takale timasungiramo mapiritsi osiyanasiyana. Dzina, mphamvu, tsiku ndi nambala ya gulu za pa kabokosi ziyenera kufanana ndi za pa kapepala ka m'kati. Sichitsimikizanso kuti mankhwalawo ndi enieni, chifukwa opanga mankhwala achinyengo amakopera malemba mosamala. Ku Malawi, bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2019, ndi limene limavomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Ku Zambia ntchito imeneyi ndi ya bungwe la ZAMRA. Kugula pamalo ovomerezeka kumateteza kuposa kuyang'anitsitsa chithunzi.

Chithunzi chothandiza chimajambulidwa masana pamthunzi, popanda kuwala kwa kamera, paketi itagonekedwa pamalo osalala. Pamafunika zithunzi zingapo: cha kutsogolo, cha tsiku, cha kasungidwe, cha malemba a wopereka mankhwala ndi cha mapiritsi kapena botolo lenilenilo. Wolandira ndi bwino awerenge manambalawo mokweza pafoni kuti amene wagwira paketi avomereze. Popeza kapepala komata kamakhala ndi dzina la wodwala, ndipo dzina la mankhwala limaulula matenda ake, chithunzi chotere sichitumizidwa m'magulu a anthu ambiri popanda chilolezo cha mwini wake.

## Mafunso amene malemba sangayankhe

Malemba a papaketi amayankha mafunso anayi: ndi mankhwala anji, ndi amphamvu bwanji, adzatha ntchito liti ndipo asungidwe bwanji. Wowerenga wosamala angathenso kuona ngati muyeso wolembedwa ukugwirizana ndi mlingo wa m'buku. Koma funso lakuti kodi munthu uyu amwe mankhwalawa, ndipo amwe ochuluka bwanji, limafuna zinthu zimene sizili pa paketi.

Katswiri wa ku famase kapena dokotala amafunsa ngati wodwala ndi woyembekezera kapena akuyamwitsa, ngati impso ndi chiwindi chake zikugwira bwino ntchito, ndiponso ngati anatulukapo zidzolo kapena kutupa atamwa mankhwala ena. Munthu amene thupi lake limadana ndi penisilini sayenera kumwa amokisilini, ngakhale mayina awiriwa akumveka osiyana. Amafunsanso za mankhwala ena onse, kuphatikizapo azitsamba, chifukwa ena amasokonezana. Mwachitsanzo, mankhwala a TB otchedwa rifampisini amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olerera ndi ya ma ARV ena. Mlingo wa mwana supezeka pongogawa pakati mlingo wa wamkulu, ndipo mapiritsi amene ali ndi zilembo monga `SR`, `XR` kapena `EC` pa dzina lake sayenera kuperedwa kapena kutafunidwa, chifukwa anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono kapena akapitirira m'mimba.

Mankhwala samwedwa mpaka atafunsidwa amene anawapereka ngati dzina, mphamvu kapena tsiku sizikuwerengeka, ngati malemba akutsutsana, ngati mapiritsi akuoneka mosiyana ndi amene wodwala amalandira nthawi zonse, kapena ngati anaperekedwa kwa munthu wina. Pofunsa amatenga paketi yeniyeniyo pamodzi ndi buku la kuchipatala. Mankhwala otha ntchito kapena otsala amabwezedwa ku famase kapena kuchipatala kumene amalandira, ndipo satayidwa padzala kumene ana ndi ziweto angatole.

Pali nthawi zina zimene sizifuna kudikira yankho la pafoni. Munthu amene wamwa mankhwala opitirira mlingo, mwana amene wameza mankhwala a akuluakulu, kapena wodwala amene watupa nkhope ndi milomo, akubanika kapena watuluka matuza atamwa mankhwala, amapititsidwa kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi paketi yake. Pa parasetamo zimenezi n'zofunika ngakhale munthuyo akumva bwino, chifukwa zizindikiro za kuwonongeka kwa chiwindi zimatha kuonekera patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo, pamene mankhwala oteteza chiwindi amagwira bwino kwambiri akaperekedwa m'maola 8 oyamba.